Kawerengedwe ka Mlingo Wobwezera Ndalama ndi Mpata Wopumira Ukamagulitsa Zinthu Zingapo

Ukamagulitsa chinthu chimodzi masamu ake ndi ophweka, umangotenga zolipira za pamwezi n'kugawa ndi ndalama imene imatsala pa chinthucho, basi wadziwa kuti ugulitse zingati kuti usaluze. Koma ndani amene amagulitsa chinthu chimodzi? Pa kabekale pali mandasi, masikono ndi makeke, chilichonse mtengo wakewake, ndiye munthu akafunsidwa kuti kodi mumayenera kugulitsa zochuluka bwanji pamwezi kuti lendi ndi malipiro zituluke amangokanda m'mutu, ena amaphatikiza mitengo yonse n'kugawa ndi 3, zomwe zimapereka nambala yabodza yokoma kumva, kenako mwezi ukutha ndalama sizikuoneka pomwe mashelefu amatha tsiku lililonse.

Apa tiwerenga zinthu ziwiri. Choyamba ndi mlingo wobwezera, apo pamene zogulitsa zangokwana kulipira zonse, simunapindule simunaluze. Chachiwiri ndi mpata wopumira, kutanthauza kuti malonda anu angatsike mpaka pati musanayambe kudya mpamba. Chitsanzo chathu ndi kabekale ka mayi wina kogulitsa zinthu zitatu. Mitengo ndangoyerekeza kuti masamu ayende bwino, inu muikepo yanu ya sabata ino.

## Zofunika musanayambe

- Kope la malonda la miyezi itatu yapitayi, losonyeza kuchuluka kwa chinthu chilichonse chimene chinagulidwa, osati ndalama yokha
- Malisiti a kooda: fulawa, mafuta, shuga, mazira, majumbo, makala
- Mabilu ndi zolipira za pamwezi: lendi, malipiro, magetsi, madzi, laisensi ya khonsolo
- Kakyuleta, ya pafoni ija ikukwana
- Pepala lokhwatcha mizere inayi, kapena Excel ngati muli nayo

Ngati kope lanu mumangolemba kuti "lero K90,000" osalemba kuti ndi mandasi angati, makeke angati, imani kaye. Werengani katundu kwa masabata awiri kapena atatu, m'mawa zimene mwaika pa shelefu, madzulo zimene zatsala. Popanda zimenezo zonse zili m'munsimu zikhala zolota.

## Sitepe 1: Sonkhanitsani zolipira zokhazikika

Izi ndi ndalama zimene zimatuluka kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Alandilodi safunsa kuti kunagwa mvula anthu sanabwere. Kwa mayi athuwa pamwezi zili motere: lendi K150,000, antchito awiri K260,000, malipiro a iwo eni K200,000, magetsi a mababu ndi filiji pamodzi ndi madzi K60,000, chiwongola dzanja cha ngongole K40,000, mlonda amene amasonkherana ndi mashopu oyandikana K30,000, mayunitsi ndi bandulo K30,000. Palinso ziwiri zimene sizibwera mwezi ndi mwezi koma ziyenera kulowa. Laisensi tiyerekeze K120,000 pachaka, ndiye kuti K10,000 pamwezi. Uvuni anagula K1,200,000 ndipo akuyembekeza kuti itumikira zaka 5, yomwe ndi miyezi 60, ndiye ikutha K20,000 mwezi uliwonse ngakhale palibe amene amabwera kudzatolera ndalamayo. Zonse pamodzi K800,000.

Chenjezo: malipiro anu eni ake alowemo. Ambiri amawasiya n'kumati zanga ndi phindu, koma amatapa m'kabati tsiku lililonse ya ndiwo, ya kabaza, ya fizi, ndiye mlingo umene apeza umakhala wotsika kuposa weniweni. Dziikireni malipiro, ngakhale ochepa, alembeni.

## Sitepe 2: Pezani ndalama imene imalowa m'chinthu chimodzi

Apa tikunena zoyenda ndi katundu, zimene zimakwera mukaphika zambiri n'kutsika mukaphika zochepa. Osayerekeza m'mutu, tengani mtanda umodzi weniweni muwerengere. Mtanda wa mandasi 100 wa mayiwa umadya fulawa wa K9,000, mafuta a K6,500, shuga wa K2,000, yisiti ndi mchere K500, makala K1,500, majumbo K500. Yonse K20,000.

Ndiye mwina mwathamanga kale kunena kuti K200 pa mandasi amodzi. Ayi. Pa 100 aja ena amapserera, ena amagona n'kuuma, mwana wa sukulu wapita ndi awiri, kasitomala wokhazikika mwamuikira basela. Amene amagulidwa ndi ndalama ndi 95. K20,000 kugawa ndi 95 ikubwera K210 ndi kakobiri pamwamba, titenge K210. Mugawe ndi zimene zimagulidwa, osati zimene zimatuluka m'chiwaya.

Akachita chimodzimodzi pa zinazo akupeza kuti sikono imodzi imadya K300, keke yaing'ono imodzi K640.

Chenjezo: pali zolipira zosakanikirana. Magetsi a filiji ndi okhazikika koma a uvuni amayenda ndi kuphika, ndiye agaweni pawiri, onani mayunitsi amene amatha tsiku losaphika ndi tsiku lophika, kusiyana kwakeko kupite ku masikono ndi makeke. Komishoni ya mnyamata woyenda ndi beseni imapitanso kuno, ngati mumamulipira pa zimene wagulitsa. Chimodzimodzi ndalama yodulidwa potapa za makasitomala olipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

## Sitepe 3: Chotsala pa chinthu chilichonse

Mtengo wogulitsira kuchotsa ndalama ya mu sitepe 2. Mandasi a K300 kuchotsa K210 kutsala K90. Sikono ya K500 kuchotsa K300 kutsala K200. Keke ya K1,500 kuchotsa K640 kutsala K860.

Chotsalachi si phindu ayi, musachidye. Ndi chimene chinthu chilichonse chikusonkha kuti K800,000 ija ikwane. Phindu limayamba ikakwana.

## Sitepe 4: Pezani kasakanizidwe ka malonda anu, mupange mulu

Apa ndiye pagona nkhani. Tsegulani kope lija muone kuchuluka kwa chinthu chilichonse pamwezi. Mayiwa pa miyezi itatu akupeza kuti mwezi umodzi amagulitsa mandasi pafupifupi 3,000, masikono 1,500, makeke 500. Gawani zonse ndi nambala yaing'ono kwambiri, yomwe ndi 500, mupeza 6, 3 ndi 1. Ndiye kuti pa keke imodzi iliyonse yogulidwa pamapitanso masikono 3 ndi mandasi 6.

Tsopano muganize ngati mmene amachitira ogulitsa tomato pamsika, amene sawerenga tomato mmodzimmodzi koma milu. Mulu wathu umodzi ndi mandasi 6, masikono 3, keke imodzi. Palibe kasitomala amene amagula mulu umenewu, uli papepala pokha, koma ukutithandiza kusandutsa zinthu zitatu kukhala chinthu chimodzi chokhala ndi mtengo umodzi ndi chotsala chimodzi, ndiye masamu ophweka aja a chinthu chimodzi agwira ntchito.

Zanu sizidzatuluka zosalala chonchi. Mwina mupeza 6.3, 2.8 ndi 1. Palibe vuto, gwiritsani ntchito momwemo, kakyuleta sidandaula. Kuzunguliza nambala, monga 6.3 kukhala 6, n'kololedwa pa zinthu za chotsala chochepa ngati mandasi, koma pa chinthu cha chotsala chachikulu ngati keke samalani, kusuntha pang'ono pamenepo kumasuntha yankho lonse.

Chenjezo: musatenge mwezi umodzi, makamaka Disembala. Mwezi wa maphwando ndi maukwati makeke amayenda kwambiri, mukatenga kasakanizidwe ka mwezi umenewo mudzinamiza chaka chonse. Januwale ndi Febuluwale anthu ali pa fizi ndi feteleza, amagula mandasi basi. Ngati nyengo zimasiyana kwambiri pangani milu iwiri, wa nthawi ya ndalama ndi wa nthawi youma, muwerenge kawiri.

## Sitepe 5: Mtengo wa mulu ndi chotsala cha mulu

Mtengo wa mulu: mandasi 6 pa K300 ndi K1,800, masikono 3 pa K500 ndi K1,500, keke imodzi K1,500. Pamodzi K4,800.

Chotsala cha mulu: 6 kuchulukitsa ndi K90 ndi K540, 3 kuchulukitsa ndi K200 ndi K600, keke K860. Pamodzi K2,000.

Taonani kale chinthu china apa. Keke ndi chinthu chimodzi pa 10 za mu mulu koma ikusonkha K860 pa K2,000, kuposa mandasi onse 6 amene amadzutsa anthu 4 koloko m'mawa. Tibwererako.

## Sitepe 6: Mlingo wobwezera

Zokhazikika kugawa ndi chotsala cha mulu. K800,000 kugawa ndi K2,000 ikupereka milu 400.

Milu 400 siuza wantchito kanthu, ndiye imasuleni. 400 kuchulukitsa ndi 6 ndi mandasi 2,400, kuchulukitsa ndi 3 ndi masikono 1,200, ndi makeke 400. Mu ndalama, milu 400 pa K4,800 ndi K1,920,000 pamwezi.

Musapitirire musanatsimikize, zimangotenga mphindi imodzi. Mandasi 2,400 pa K90 ndi K216,000. Masikono 1,200 pa K200 ndi K240,000. Makeke 400 pa K860 ndi K344,000. Kuphatikiza ikubwera K800,000 ndendende. Ikapanda kufanana ndi zokhazikika zanu ndiye kuti penapake mwachulukitsa ndi mtengo wogulitsira m'malo mwa chotsala, kapena mwasokoneza manambala a mulu.

Kuti ikhale nambala yogwira tsiku ndi tsiku, gawani ndi masiku amene mumatsegula. Ngati Lamulungu mumatseka ndiye masiku 26, milu 400 kugawa ndi 26 ndi 15.4, ikwezeni ikhale 16. Nthawi zonse timakweza, sititsitsa, chifukwa milu 15 patsiku ikusiyani ndi milu 390 pamwezi, mwaperewera K20,000. Ndiye patsiku pafunika mandasi 96, masikono 48, makeke 16. Lembani manambala atatuwa pa katoni mumate kuseri kwa kauntala, madzulo muziyang'ana onse atatu, osati ndalama yokha.

Ofuna Excel: ikani manambala a mulu mu B2 mpaka B4, mitengo mu C, zoyenda ndi katundu mu D, zokhazikika mu F1. Mu F2 lembani yoyambayi, mu F3 yachiwiriyi.

```
=SUMPRODUCT(B2:B4,C2:C4-D2:D4)
=ROUNDUP(F1/F2,0)
```

Ubwino wake mtengo wa fulawa ukasintha mumangosintha manambala a mu D basi.

### Njira ya ndalama, kwa amene ali ndi katundu wambirimbiri

Wa golosale wokhala ndi zinthu 80 sangapange mulu wa chilichonse. Iye agawe katundu m'magulu atatu kapena anayi, monga zakumwa, zakudya zouma, sopo ndi zodzola, kenako awerenge kuti pa kwacha iliyonse yolowa m'kabati pamatsala zingati. Kwa mayi athu ndi K2,000 pa K4,800 iliyonse, pafupifupi 41.67 peresenti. K800,000 kuchulukitsa ndi 4,800 n'kugawa ndi 2,000 ikubwera K1,920,000 yomwe ija. Ndachita dala kuchulukitsa kaye kenako kugawa, chifukwa mukazunguliza kukhala 42 peresenti yankho limatsika ndi ndalama yoposa K15,000.

Chenjezo: kasakanizidwe ka kuchuluka kwa zinthu ndi kasakanizidwe ka ndalama ndi zosiyana, musazisakanize. Powerenga zinthu, mandasi ndi 60 pa 100 iliyonse. Powerenga ndalama, mandasi amabweretsa K1,800 pa K4,800, yomwe ndi 37.5 peresenti yokha. Mukayamba ndi kuchuluka kwa zinthu pitirizani ndi chotsala cha chinthu chimodzi mu makwacha, mukayamba ndi ndalama pitirizani ndi maperesenti. Kudumphira uku ndi uku kumatulutsa nambala yooneka yanzeru koma yosagwira kanthu.

## Sitepe 7: Mpata wopumira

Tengani zimene mumagulitsadi, chotsani mlingo wobwezera. Mayiwa amagulitsa mandasi 3,000, masikono 1,500 ndi makeke 500, yomwe ndi milu 500, mu ndalama K2,400,000. Kuchotsa K1,920,000 kutsala K480,000. Umenewo ndiye mpata wawo, milu 100. Kuti ukhale peresenti gawani ndi zogulitsa zenizeni, K480,000 kugawa ndi K2,400,000, ikubwera 20 peresenti.

Tanthauzo lake ndi lakuti malonda atha kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu asanayambe kuluza, bola zitsike zonse pamodzi mofanana. Mawu akuti mofananawo muwasunge. Pa masiku 26, 20 peresenti ndi masiku asanu, ndiye maliro akumudzi otseketsa shopu sabata yathunthu amadya mpata wonse n'kulumako pang'ono.

Phindu lawo ndi milu 100 ya pamwambayo kuchulukitsa ndi K2,000, K200,000. Onani kuti K480,000 ija si phindu, ndi malonda, mkati mwake muli fulawa ndi mafuta. Pali kanjira kotsimikizira: phindu kugawa ndi chotsala chonse cha mwezi kuyenera kupereka peresenti yomweyo. Chotsala chonse ndi milu 500 pa K2,000, K1,000,000, ndiye K200,000 kugawa ndi K1,000,000 ndi 20 peresenti, zagwirizana.

Chenjezo: gawani ndi zogulitsa zenizeni, osati ndi mlingo wobwezera. Mukagawa K480,000 ndi K1,920,000 mupeza 25 peresenti n'kumadziona otetezeka kuposa mmene mulili.

Kodi 20 peresenti ndi yabwino? Palibe nambala imodzi ya aliyense. Ine ndimati yang'anani mwezi woipitsitsa m'kope lanu. Ngati Febuluwale malonda amatsika ndi 30 peresenti ndiye mpata wa 20 sukukwanira, mwezi umenewo muluza, muyenera kusungiratu ya mwezi umenewo nthawi imene zikuyenda.

Mukafuna kudziwa za phindu limene mukulifuna, liphatikizeni ku zokhazikika. Phindu la K300,000 ndiye K1,100,000 kugawa ndi K2,000, milu 550. Kenako mudzifunse ngati uvuni ndi manja alipowo angatulutse makeke 550, komanso ngati alipo owagula.

## Sitepe 8: Gwedezani mulu muone chimene chigwe

Sitepe iyi ambiri amaidumpha pomwe ndi imene imapulumutsa. Masamu onse aja aima pa mwendo umodzi, woti 6, 3, 1 sasintha. Tiyeni tiusinthe.

Tinene kuti ofesi ina yapafupi imene inkaoda makeke a tiyi wa 10 koloko yasiya, makeke atsika kuchoka pa 500 kufika pa 200. Nthawi yomweyo sukulu yatsegulira, ana akugula mandasi, akwera kufika 4,500. Masikono ali pomwepo 1,500. Werengani ndalama: K1,350,000 ya mandasi, K750,000 ya masikono, K300,000 ya makeke. Pamodzi K2,400,000, ndendende ngati mwezi watha. Mayi akawerenga za m'kabati aona kuti zonse zili bwino, mwinanso asangalala chifukwa shopu ikudzaza, zinthu zogulidwa zakwera kuchoka pa 5,000 kufika 6,200, antchito akuchita kutuluka thukuta.

Tsopano chotsala. Mandasi 4,500 pa K90 ndi K405,000, masikono K300,000, makeke 200 pa K860 ndi K172,000. Pamodzi K877,000. Kuchotsa K800,000, phindu latsala K77,000 kuchoka pa K200,000. Mlingo wobwezera wakwera kufika pafupifupi K2,189,000, mpata wopumira watsika kuchoka pa 20 peresenti kufika pafupifupi 9. Munthu amene anangosunga m'mutu kuti "ndikadutsa K1,920,000 ndili bwino" akhoza kugulitsa K2,100,000 mwezi wotsatira n'kuluza akumwetulira.

Chifukwa chake n'chakuti pa K100 iliyonse ya mandasi pamatsala K30, ya masikono K40, ya makeke K57. Kwacha ya mandasi ndi kwacha ya keke zimaoneka zofanana m'kabati koma sizilemera mofanana. Zizindikiro zoti izi zikukuchitikirani: mukupita kooda fulawa ndi mafuta pafupipafupi kuposa kale pomwe ndalama ya pamwezi sinakwere, ndipo tsiku lolipira lendi mukuchita kukanda. Mukaona zimenezo werengani mulu mwatsopano.

Gwedezaninso mbali ya mitengo ya kooda. Amene anali pa geni mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo wa mafuta ndi fulawa utha kusintha sabata imodzi. Tiyerekeze mafuta akwera, mandasi amodzi ayamba kudya K250 m'malo mwa K210, mtengo wogulitsira mwausiya pa K300 poopa kuthawitsa ana a sukulu. Chotsala chatsika kufika K50, mulu wa 6, 3, 1 tsopano ukutsala K300 ndi K600 ndi K860, K1,760. K800,000 kugawa ndi K1,760 ndi milu 455 tikakweza. Pa milu 500 mpata watsala milu 45, 9 peresenti. K40 yokha pa mandasi yadya kuposa theka la mpata, chifukwa mu mulu uliwonse imalowa kasanu n'kamodzi. Ndiye chinthu chotsala zochepa koma choyenda kwambiri muzichilondera mtengo wa kooda, chinthu chotsala zambiri koma choyenda pang'ono muzichilondera makasitomala.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kuphatikiza zotsala n'kugawa ndi 3. K90, K200 ndi K860 kugawa ndi 3 ndi K383, ndiye munthu amapeza kuti akufunika zinthu 2,087 zokha pamwezi. Zimenezo zikanakhala zoona akanati amagulitsa makeke ochuluka mofanana ndi mandasi. Zoona zake mulu wa zinthu 10 umatsala K2,000, K200 pa chinthu, ndiye pafunika zinthu 4,000. Woima pa 2,087 waluza ndalama yoposa K380,000.

Kugawa lendi pakati pa zinthu kenako n'kuweruza chimodzichimodzi. Wina amati zinthu zilipo zitatu, chilichonse chisenze gawo limodzi la K800,000, wina amagawa potengera kuchuluka n'kusenzetsa mandasi K480,000, kenako akuti mandasi akuluzitsa tiwasiye. Taonani chimene chingachitike. Mandasi 3,000 amasonkha K270,000 pamwezi. Mukawasiya lendi siitsika, mlonda salandira zochepa, phindu la K200,000 lija lisanduka kuluza K70,000, osawerengera anthu amene amalowa kudzagula mandasi n'kutuluka atanyamulanso sikono. Chinthu chimasiyidwa ngati chotsala chake chili pansi pa ziro, kapena ngati zokhazikika zimene zingachoke nacho limodzi, monga wantchito wokazinga yekha, zikuposa zimene chimasonkha, kapenanso ngati malo ndi nthawi yake mungaikepo china chosonkha zambiri chimene chili ndi ogula kale.

Kuganiza kuti zokhazikika zidzakhala choncho mpaka kalekale. Zimakhazikika pa mlingo winawake basi. Milu ikafika pofuna wantchito wachitatu kapena uvuni yachiwiri, K800,000 ija imalumpha kamodzi, mlingo wobwezera umalumpha nawo. Wantchito wa K130,000 ndi milu 65 yowonjezera mwezi uliwonse. Werengani musanamulembe.

Kuiwala kuti kubweza papepala si ndalama m'manja. Makeke amene mwapereka pangongole kuti adzalipira pa 30 alowa m'malonda koma sangagule fulawa wa mawa. Komanso pa ngongole ya kubanki kapena ya banki mkhonde, mu zokhazikika tinaikamo chiwongola dzanja chokha, kubweza ngongole yeniyeniyo kumachokera m'phindu. Ngati mumabweza K150,000 pamwezi, phindu la K200,000 likusiyirani K50,000, mukaonjezapo K20,000 ya uvuni ija imene sinatuluke m'thumba ikwana K70,000. Wofuna kudziwa mlingo woti ndalama ya m'manja ikwane aphatikize K150,000 ku zokhazikika, achotse K20,000, apeza K930,000, kugawa ndi K2,000 ndi milu 465. Pa milu 500 mpata wa ndalama ya m'manja ndi milu 35 yokha, 7 peresenti.

Kuwerengera mtengo wa pa shelefu pomwe ena mumawatsitsira. Ngati theka la masikono limapita kwa mayi wa tiyirumu pa K450, mtengo weniweni wa sikono ndi K475, chotsala ndi K175 osati K200. Mwina ikani mtengo wapakatiwo, mwina sikono ya pikulitsa ikhale chinthu chachinayi mu mulu ndi nambala yakeyake. Njira yachiwiriyi ndi yabwinopo chifukwa oda ikakula kapena ikatha mumaona msanga mmene mulu wasinthira.